Ukonde wa pa chithunzi: n'ngwa chambo, usipa kapena kasawala?

Masiku ano zida zambiri za usodzi zimagulidwa ndi anthu amene sali kunyanja. Mwini ndalama ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni, mphwake ali pa doko ku Mangochi kapena ku Salima, ndipo chimene chimayenda pakati pawo ndi chithunzi cha pa foni. Pa chithunzipo pamakhala mulu wa ukonde pamchenga, pansi pake mawu awiri atatu onena mtengo. Kwa munthu amene sanakulire kugombe, maukonde onse ndi amodzi. Chikhalirecho mulu umodzi ukhoza kukhala chida chogwira chambo chachikulu, wina chida cha usipa, winanso chida chimene a nthambi ya za nsomba akachipeza amalanda n'kuchitentha.

Chithunzi chikhoza kukuuzani zambiri mukadziwa poyang'ana. Chida chilichonse chinapangidwa motsata khalidwe la nsomba imene chikufuna: kukula kwa thupi lake, chimene imadya, malo amene imakonda, ndiponso nthawi imene imayenda. Mukawerenga chidacho bwino, nsombayo mwaidziwa kale.

Tiyambe ndi maukonde, poti ndi amene amasokoneza kwambiri. Funso loyamba si la dzina ayi. Funso ndi lakuti: ukonde uwu umadikira nsomba, kapena umaitsata? Matchera amadikira. Msodzi amawatchera madzulo, amaima m'madzi usiku wonse ngati mpanda, ndipo nsomba yoyenda mumdima imalowetsa mutu m'diso la ukonde n'kukodwa kuseri kwa mutu, paja imapumira. M'mawa msodzi amakaonjola. Pofuna kuti nsomba isawaone, matchera amalukidwa ndi ulusi wopyapyala, ndipo maso ake amakhala ofanana kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto. Ndi opepuka, moti anthu awiri pa bwato limodzi amakwanitsa. Pa chithunzi mudzaona chingwe cha pamwamba chokhala ndi tizoyandamitsa tating'ono totalikirana, nthawi zambiri tizidutswa ta mapatapata akutha, ndi chingwe cha pansi chomangiriridwa timiyala. Nsomba zikakhala kuti zikadali mu ukondemo, mudzaziona zili lendelende imodziimodzi, iliyonse m'diso lake, ndipo zonse zofanana msinkhu. Kufanana msinkhu kumeneku ndi chizindikiro chodalirika cha matchera, chifukwa nsomba yaing'ono imapyola diso pamene yaikulu kwambiri mutu wake sulowa.

Makoka ndi anzake onse okokedwa amatsata nsomba. Ntchito yawo si kukola koma kuzinga ndi kusefa madzi, choncho ulusi wake ndi wokhuthala, zoyandamitsa zake ndi zambiri ndiponso zoyandikana, ndipo kumapeto kwake kumakhala zingwe zazikulu zokokera zimene pa chithunzi zimaoneka zitakulungidwa pambali. Maso ake safanana. M'mapiko amakhala akulu, koma kulowera pakati amanka nachepa mpaka pa thumba pamene nsomba zimasonkhana. Nsomba za mukhoka zimatuluka zili mulu umodzi, zazikulu ndi zazing'ono pamodzi, zosakodwa.

Mukasiyanitsa magulu awiriwa, chotsatira ndi kukula kwa diso, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse. Diso la ukonde lili ndi mfundo zinayi ndi mbali zinayi. Poliyeza, amalikoka mpaka litatsekeka n'kuyeza kuchokera pa mfundo ina kufika pa mfundo yoyang'anizana nayo. Ndiye kuti muyeso umene wogulitsa amatchula, kaya ndi mainchesi atatu kapena anayi, ndi utali wa mbali ziwiri, osati imodzi. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: amayeza mbali imodzi pa chithunzi n'kuganiza kuti ukondewo ndi wa maso aang'ono kuposa momwe ulili, kapena amaona diso lotambasuka n'kulikuza. Kuzungulira diso lonse ndi mbali zinayi, kutanthauza muyeso uja kawiri. Nsomba imene imakodwa ndi imene kuzungulira kwa thupi lake, kuseri kwa mutu, kukuyandikira nambala imeneyi. Matchera a mamilimita 95, omwe ndi mainchesi atatu ndi makota atatu, ali ndi diso lozungulira masentimita 19. Muyeso umenewu ndi umene unakhazikitsidwa kalekale ngati wochepetsetsa pa matchera a kumwera kwa nyanja ya Malawi, ndipo nsomba yodzaza diso lotere ndi chambo chokhwima, chopitirira bwino masentimita 20 m'litali.

Tiyerekeze tsono kuti mwalandira chithunzi chotere. Mulu wa ukonde uli pamchenga, woyererako ndiponso wonyezimira padzuwa. Pamwamba pali tizidutswa ta mapatapata, pansi timiyala tokulungidwa m'mapulasitiki. Palibe zingwe zokokera, palibe thumba. Wotumizayo walemba kuti ndi matchera a chambo. Kuti ndi matchera, chithunzi chikuvomereza. Kuti ndi a chambo, chithunzi sichinanenebe kanthu, chifukwa mulibemo chinthu chodziwika kukula kwake choti muyerekezere. Mupemphe chithunzi china: atambasule chigawo chimodzi pa nsalu yakuda kapena pa thabwa, aike bokosi la machesi pambali pa diso, ndipo foni iyang'ane molunjika kuchokera pamwamba, osati chammbali. Bokosi la machesi ndi lotalika pafupifupi masentimita 5. Chithunzi chachiwiri chafika, ndipo mukuona kuti kuchokera pa mfundo kufika pa mfundo yotsatira ndi theka la bokosilo, masentimita 2.5. Mbali ziwiri ndi masentimita 5, omwe ndi mainchesi awiri. Kuzungulira diso ndi masentimita 10. Chambo chimene thupi lake limazungulira masentimita 10 si chambo cha pamsika chija ayi, ndi kasawala, mwana wa chambo, amene kawirikawiri amakhala asanafike masentimita 15 amene malamulo amalola. Ukonde wotere ungagwire utaka waukulu, mbaba, chisawasawa ndi mcheni, koma ukatcheredwa m'madzi osaya mmene ana a chambo amakulira, udzakola kasawala yekhayekha. Asodzi a kumwera matchera a maso aang'ono chonchi amawatcha ngongongo.

Pa chithunzi chomwecho patsala chinthu china, kunyezimira kuja. Kuzani chithunzicho ndi zala mpaka ulusi uoneke. Ulusi wa nayiloni wamba ndi wopotedwa kuchokera ku timaulusi tingapo, n'chifukwa chake m'sitolo amafunsa kuti mukufuna wa mapulayi angati. Ndi wofewa, suwala, ndipo mulu wake umagona pansi ngati nsalu yonyowa. Ulusi wa mtundu winawo ndi umodzi wokha wa pulasitiki, woonekera mkati, ndipo mulu wake sugona koma umatukumuka, maso ake ali yasa. Umenewu ndi uja wa monofilamenti, woletsedwa m'Malawi. Asodzi amaukonda chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo nsomba siziuona ngakhale masana. Vuto lake ndi lakuti suchedwa kung'ambika ndipo kuusoka n'kovuta, choncho umatayidwa m'madzi, komwe suola koma umapitiriza kukola nsomba zimene palibe adzadye. Chithunzi chimene chinabwera ndi dzina la matchera a chambo chathera pa ukonde wa kasawala wa ulusi woletsedwa, ndipo zonsezi mwazidziwa ndi bokosi la machesi.

Njira yoyezera ndi zala, imene asodzi amagwiritsa ntchito ponena kuti diso ili ndi la zala ziwiri kapena zinayi, imathandiza ngati m'chithunzi muli dzanja. Koma zala za mnyamata ndi za bambo wopalasa bwato zaka zambiri sizifanana, ndipo dzanja likakhala pafupi ndi foni kuposa ukonde limaoneka lalikulu. Ine ndimakhulupirira bokosi la machesi kuposa dzanja la wogulitsa.

Kumbali ya maukonde okokedwa, diso limodzi silikwanira, ndipo apa wojambula wochenjera akhoza kukupusitsani popanda kunama. Akajambula phiko lokha, mudzaona maso apakatikati n'kukhutira, pamene thumba, lomwe ndi limene limagamula kukula kwa nsomba zogwidwa, lili pansi pa mulu. Nthawi zonse funsani chithunzi cha thumba. Mukaona nsalu yobiriwira, yabuluu kapena yoyera, ya timabowo tosalowa ngakhale kamtengo ka machesi, itasokereredwa mkati mwake, imeneyo ndi neti ya udzudzu. Imagwira bonya ndi ana a nsomba za mtundu uliwonse ongoswedwa kumene, ndipo ndi yoletsedwa.

Kuti mudziwe dzina lenileni la ukonde wokokedwa, yang'anani zimene zauzungulira. Chilimira chimadziwika ndi anzake. Ndi ukonde wa pakati pa nyanja, sufika kumtunda uli ndi nsomba, ndipo umayenda ndi boti limodzi la matabwa pamodzi ndi mabwato, alovi pafupifupi khumi. Ukatambasulidwa pamchenga kuti uume kapena usokedwe, chingwe cha zoyandamitsa chimaoneka chachitali kuposa cha pansi, ndipo ukonde wonse umatenga maonekedwe a uta, wakuya pakati. Chida ichi chinafalikira kuchokera ku Likoma, ndipo poyamba chinali cha utaka. Utaka umasonkhana pa zirundu, miyala ikuluikulu ya pansi pa nyanja, utayang'ana kumene madzi akuchokera kuti uzitola tizilombo tobwera ndi madziwo. Asodzi odziwa chirundu amaponya ukonde mozinga gululo n'kuukoka kuchokera m'mabwato awiri.

Koma ngati pa chithunzi pali bwato limene kumapeto kwake kwamangidwa thabwa lopingasa lokhala ndi nyali, dziwani kuti chilimiracho chimagwira ntchito usiku, usodzi wa kauni, ndipo chikufuna usipa. Kale pa thabwapo pankakhala nyali za parafini zopopa. Lero mudzaona mababu ndi batire. Usipa umatsata kuwala. Munthu mmodzi, siginala, amakhala yekha m'bwato la nyalilo kudikira kuti gulu lisonkhane pansi pake, kenako amalitsogolera pang'onopang'ono kukamwa kwa ukonde n'kuuza anzake nthawi yokoka. N'chifukwa chake usodziwu umayenda bwino mwezi ukakhala mumdima, ndipo usipa umakwera mtengo mwezi ukawala. Mathandala aataliatali oyanikapo nsomba kumbuyo kwa chithunzi amatsimikizira zomwezo.

Nkacha ndi yovuta kuisiyanitsa ndi chilimira ikakhala mulu, ndipo munthu wonena motsimikiza atangoona mulu wokha akungolota. Chimene chimathandiza ndi malo. Nkacha inabadwira pa nyanja ya Malombe, yomwe ndi yosaya, yakuya mamita ochepa chabe, ndipo inapangidwira kambuzi, tinsomba tating'ono tokhala pansi. Ukonde umazinga malo kuchokera pamwamba mpaka pansi penipeni, kenako mmodzi wa alovi amamira n'kukamanga chingwe cha pansi kuti ukondewo usanduke thumba. Choncho chithunzi chikakhala cha masana, madzi ali obiriwirako, nyali palibe, maboti a matabwa awiri ayandikana ndipo munthu mmodzi ali m'madzi pakati pawo, imeneyo ndi nkacha. Poti imakwekwereza pansi, imazula zomera za m'madzi ndi kufafaniza zisa zimene chambo chachimuna chimakumba pamchenga, ndipo ndi chimodzi mwa zida zimene zimatchulidwa pofotokoza kutha kwa chambo ku Malombe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Kugwa kumeneko ndi kumene kunabweretsa makomiti a m'madoko, ma BVC, amene anayambira komweko mu 1993.

Khoka la kumtunda silibisika: mizere iwiri ya anthu pamchenga, aliyense atagwira chingwe, akubwerera chambuyo. La chambo ndi lalitali, la maso akulu. La kambuzi ndi lalifupi, la maso aang'ono. Pa chithunzi cha khoka, tsiku limene chinajambulidwa ndi lofunika ngati ukonde womwewo. Chambo chimabwera m'madzi osaya kudzaswana chakumapeto kwa chaka, chachikazi n'kusunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo n'chifukwa chake makoka amatsekeredwa pa nyanja ya Malawi mu Novembala ndi Disembala. Khoka lovomerezeka mu Juni ndi mlandu mu Novembala, ngakhale kuti pa zithunzi ziwirizo ukonde ndi umodzi.

Mbedza ndi nkhani yaifupi, koma ili ndi msampha wake. Manambala ake amayenda chobwerera: nambala ikakula, mbedza imachepa, moti nambala 12 ndi kambedza kakang'ono pamene nambala 2 ndi yaikulu. Kupitirira nambala 1 amayamba kulemba 1/0, 2/0, 3/0, ndipo apa nambala ikamakula mbedza imakulanso. Makampani sagwirizana ndendende pa manambalawa, choncho pa chithunzi yang'anani mpata wa pakati pa nsonga ndi thunthu la mbedza. Mpata umenewu uyenera kulowa m'kamwa mwa nsomba. Ukakhala wolowa chala chachikulu, mbedzayo ikufuna za kamwa lalikulu: kampango, bombe, mlamba. Ukakhala wosalowa ngakhale chala chaching'ono, ndi ya mbaba, makumba ndi tinsomba ta m'miyala timene ana amawedza ndi nyongolotsi kapena nsima.

Mamangidwe ake amanenanso zambiri. Mbedza zambirimbiri zokolekedwa mondondozana m'mphepete mwa dengu kapena bokosi, chingwe chachitali chitakulungidwa mkati, ndi chingwe chotchera pansi pa nyanja usiku, nyambo yake usipa kapena tizidutswa ta nsomba, ndipo chimadikira kampango ndi bombe amene amasaka mumdima. Chingwe chimodzi cha m'manja chokhala ndi mbedza zochepa zazitali thunthu ndi chitsulo cholemera kumapeto chimakhala cha mcheni, nsomba yamano yodya usipa. Thunthu lalitali limateteza ulusi kuti mano asaudule. Ndipo wina akakuonetsani mbedza n'kunena kuti ndi za chambo, kayikirani. Chambo chenicheni chimadya ndere ndi tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, ndipo sichikhala ndi chidwi kwenikweni ndi nyambo. Chambo cha pamsika chimachokera mu ukonde.

Mono umadziwika ndi aliyense, dengu lalitali la nsungwi kapena bango lokhala ndi khomo lolowera mkati, lotakasuka kunja koma lothina kumapeto, nsonga zake zitaloza mkati kuti cholowa chisatuluke. Poyang'ana ndi pawiri: kukula kwa khomo, kumene kumanena nsomba yaikulu kwambiri imene ingalowe, ndi mipata ya pakati pa nsungwi, imene imanena yaing'ono kwambiri imene ingatsale. Miono ya ku Chilwa yolukidwa mothithikana, yotcheredwa m'mabango ndi m'milulu ndi nyambo ya madeya, imafuna matemba. Ya mipata yotakasuka ndi khomo lalikulu imafuna makumba ndi milamba. Mono woikidwa wokha umadalira nyambo ndi mthunzi wake. Koma mukaona miono ili mumzere, itazikidwa mu mpanda wa mitengo ndi bango wodutsa mtsinje, limenelo ndi biyo, ndipo nyambo silifuna. Onani kumene makomo aloza. Akaloza kumunsi kwa mtsinje, akudikira nsomba zokwera kukaswana, monga mpasa, sanjika ndi ntchila zimene zimachoka m'nyanja kulowa m'mitsinje ngati Bua ndi Linthipe. Akaloza kumtunda, akudikira zotsika madzi akamaphwera m'madambo. Biyo lotseka mtsinje wonse popanda mpata limagwira nsomba zamazira zisanaikire, ndipo ntchila, imene kale inali imodzi mwa nsomba zochuluka pamsika, lero ambiri obadwa posachedwa sanailaweko.

Ku Chigwa cha Shire mungakumane ndi chida china chosavuta kuchizindikira, ukonde wozungulira wokhala ndi zitsulo zolemera m'mphepete monse ndi chingwe chimodzi pakati, wopanda choyandamitsa chilichonse. Chimenecho ndi chavi, ukonde woponya ndi manja m'madzi osaya, umene umavundikira makumba ndi nsomba zina zimene zili pansi pake.

Pali zimene chithunzi sichingakuuzeni ngakhale chitakhala chowala bwanji. Utali wa ukonde suoneka pa mulu. Umafunika kuyezedwa ndi mikono pamchenga. Kuola kwa ulusi sikuonekanso. Nayiloni yokhalitsa padzuwa imatuwa n'kuyamba kuduka ikakokedwa pang'ono, ndipo ukonde wonyikidwa kumene mu utoto umaoneka watsopano pa foni. Zigamba za ulusi wa mitundu yosiyana zikachuluka, ukondewo wagwira ntchito zaka, ngakhale kuti zigamba zosokedwa bwino si vuto pazokha. Matchera omwewo akhozanso kugwira nsomba zosiyana malinga ndi katcheredwe kake: miyala ikachuluka amamira n'kukakola kampango ndi chisawasawa pansi, zoyandamitsa zikachuluka amakhala pamwamba n'kukola mcheni. Ngati ndalama zake ndi zambiri, pemphani munthu wa mu BVC ya pa dokopo kapena mlangizi wa za nsomba kuti akaugwire ndi manja, akoke diso limodzi n'kuliyeza, ndiponso akuuzeni muyeso wololedwa pa madzi amenewo, chifukwa wa ku Malombe, wa ku Chilwa ndi wa kumpoto kwa nyanja ya Malawi si umodzi.